Venusi Akamabwerera M'mbuyo, Ukwati Uime?

Pa makalendala a openda nyenyezi a ku Ulaya ndi ku America, Loweruka la pa 3 Okutobala 2026 ndi tsiku loopedwa. Kuyambira tsiku limenelo mpaka pa 14 Novembala, iwo amati pulaneti ya Venusi ikubwerera m'mbuyo, ndipo pa masabata 6 amenewo nkhani zachikondi sizifunika kuziyamba. Malangizo ake sasinthasintha: musamange ukwati, musavekane mphete, musafunsire kapena kulola chibwenzi chatsopano. Ena amaonjeza kuti musagule zovala zodula, musasinthe kametedwe kapena kalukidwe ka tsitsi, komanso kuti mukhale tcheru chifukwa wachikondi wanu wakale uja akhoza kutulukira mwadzidzidzi pa foni.

Kale malangizo otere ankathera m'magazini a kunja. Masiku ano amalowa m'foni ya mtsikana wa ku Ndirande kapena mnyamata wa ku Chipata tsiku lomwelo limene alembedwa. Ndipo ulendo uwu wa 2026 wagwera pakati penipeni pa nyengo imene ife timakonda kuchita maukwati, mvula isanagwe, misewu idakali youma. Kuchokera pa 3 Okutobala kufika pa 7 Novembala pali ma Loweruka 6, ndipo la pa 14 Novembala lili m'malire. Komiti ya ukwati imene yalipira kale holo ndi oimba ikamva mkwatibwi akuti tsiku lisinthe chifukwa cha Venusi, ndi bwino idziwe chimene chikuchitika kumwambako, ndi chimene sichikuchitika.

Venusi si mlendo kwa ife. Ndi nthanda ija imene imawala kum'mawa kukamacha, ndipo ndi yomweyonso imene miyezi ina imawala kumadzulo dzuwa likangolowa, kuposa nyenyezi ina iliyonse. Nthano ina ya Anyanja imene inalembedwa kalekale imati mwezi uli ndi akazi awiri. Chekechani wa kum'mawa saudyetsa bwino, n'chifukwa chake umaonda mpaka kutha, pamene Puikani wa kumadzulo amaunenepetsanso. Makolowo anaona bwino kuti mwezi wowonda umapezeka kum'mawa ndipo mwezi watsopano umayamba kukula kumadzulo. Chimene sanathe kuona ndi maso okha n'chakuti akazi awiriwo ndi mmodzi. Nyengo imene openda nyenyezi amaiopa ndi nyengo imene Puikani amasanduka Chekechani, pamene nyenyezi ya madzulo imazimirira n'kukatulukira kum'mawa.

Kubwerera kwake n'kotani

Choyamba tichotse maganizo olakwika amene ambiri amakhala nawo. Venusi akamabwerera m'mbuyo satuluka kumadzulo n'kukalowa kum'mawa. Tsiku lililonse amatuluka kum'mawa n'kukalowa kumadzulo ngati dzuwa, mwezi ndi nyenyezi zonse, chifukwa dziko lathu ndi limene likuzungulira. Kubwerera kumene akunena n'kwina, ndipo kumafuna kudekha kuti ukuone. Nyenyezi zenizeni sizisintha malo pakati pa zinzake, koma mapulaneti amasuntha pang'onopang'ono pakati pa nyenyezizo. Mukamuyang'ana Venusi madzulo ano n'kuzindikira nyenyezi imene wayandikana nayo, mawa mupeza wasunthira chakum'mawa pang'ono. Amatero miyezi yambirimbiri. Kenako amayamba kuchedwa, amaoneka ngati waima kwa masiku angapo, n'kuyamba kusunthira chakumadzulo. Pakatha masiku 40 mpaka 43 amaimanso n'kupitiriza ulendo wake wa nthawi zonse.

Chifukwa chake n'chosavuta. Venusi ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 108 miliyoni kuchokera ku dzuwa, ife tili pa 150 miliyoni. Iye amayenda makilomita 35 pa sekondi, ife 30. Njira yake ndi ya m'kati, yaifupi, ndipo amaimaliza pa masiku 225 pamene ife timatenga masiku 365. Choncho masiku 584 alionse, imene ndi miyezi 19 ndi masiku ochepa, amatipeza n'kutidutsa, ndipo potidutsapo amadzera pakati pa ife ndi dzuwa.

Taganizani kuti mwaima kunja kwa bwalo la mpira, mwana akuzungulira bwalolo pa njinga. Akakhala tsidya lakutali mumamuona akulowera kumanzere kwanu. Akafika mbali ya kufupi ndi inu mumamuona akulowera kumanja. Mwanayo sanatembenuke, sanagwire buleki, akungopalasa mozungulira momwemo. Venusi amachitanso zomwezo. Kusiyana kwake n'kwakuti ifenso sitinaime, tikuzungulira mbali yomweyo, n'chifukwa chake kubwererako sikutenga theka la ulendo wonse koma masabata 6 okha, pamene iye ali pafupi kwambiri ndi ife. Munthu atakhala pa dzuwa sangaone Venusi akubwerera ngakhale tsiku limodzi. Atakhala pa Venusi, angaone dziko lathuli likubwerera m'mbuyo pa masabata omwewo.

Aliyense amene anali ndi chidwi anaziona zimenezi mu 2025. Pa 10 Januwale Venusi anali atatalikirana kwambiri ndi dzuwa, madigiri 47, ndipo ankachedwa kulowa. Chapakati pa Febuluwale anawala kwambiri. Pa 2 Malichi anaima. Madzulo alionse ankatsikira kufupi ndi pamene dzuwa lalowera, mpaka anazimirira m'kuwala kwake. Pa 23 Malichi anadutsa pakati pa ife ndi dzuwa, patapita masiku ochepa anayamba kuoneka kum'mawa, ndipo pa 13 Epulo anaimanso n'kuyambiranso kuyenda monga kale. Kubwerera konseko kunali madigiri 16. Mukatambasula mkono n'kufumbata chibakera, chibakeracho chimaphimba madigiri pafupifupi 10 a thambo, ndiye kuti nkhani yonseyi ndi ya chibakera chimodzi ndi theka.

Amene angamuyang'ane ndi makina oonera zakuthambo pa nthawiyi amaona kachinthu kokongola: Venusi saoneka wobulungira koma ngati kamwezi katsopano, kopyapyala, chifukwa mbali yake yowala yayang'ana ku dzuwa, ife tikuona kumsana. Galileo anaona kusintha kwa maonekedwe kumeneku mu 1610, ndipo unali umboni wamphamvu woti Venusi amazungulira dzuwa, osati dziko lathu. Akatswiri akale monga Ptolemy wa ku Alexandria, amene ankakhulupirira kuti dziko lili pakati pa zonse, ankaganiza kuti mapulaneti amabwereradi, ndipo anachita kujambula timikombero ting'onoting'ono pamwamba pa mikombero ikuluikulu kuti masamu awo agwirizane ndi zimene ankaona. Malamulo a openda nyenyezi anabadwa m'nyengo imeneyo. Copernicus atasindikiza buku lake mu 1543 sayansi inayamba kusintha, koma malamulowo anatsala momwemo.

Chikondi chinalowamo bwanji

Anthu a ku Mesopotamiya, kumene lero ndi ku Iraq, ankatchula nyenyezi yowala kwambiriyi dzina la mulungu wawo wamkazi, Inana kapena Ishitara. Agiriki anaipatsa Afurodite, Aroma n'kuipatsa Venusi, mulungu wawo wa chikondi ndi kukongola. Dzinalo litakhazikika, ntchito za mwini dzina zinasamukira ku pulaneti: chikondi, ukwati, zovala, mafuta onunkhira, nyimbo. Palibe amene anayamba wawerenga maukwati n'kupeza kuti akutsatira nyenyezi imeneyi. Chinayamba ndi dzina, tanthauzo linabwera pambuyo. (Pulaneti yeniyeniyo ilibe chilichonse chachikondi. Pansi pake pamatentha madigiri pafupifupi 465, mitambo yake ndi ya asidi, ndipo chombo cha dziko la Soviet Union chotchedwa Venera 13 chimene chinatera kumeneko mu 1982 chinangopirira maola awiri ndi mphindi zochepa.)

Ishitara uja sanali wa chikondi chokha, analinso mulungu wa nkhondo. Phale lina lodziwika bwino la ku Babulo, limene lili ku British Museum, limasunga masiku amene Venusi ankazimirira ndi kuonekeranso kwa zaka 21 mu ulamuliro wa mfumu Ammisaduqa, zaka zoposa 3,500 zapitazo. Maulosi a pa phalelo amakamba za mvula, zokolola, nkhondo ndi mafumu. Kutsidya la nyanja, Amaya a ku Central America anawerengera okha masiku 584 aja molondola kwambiri ndipo anawalemba m'buku limene lero limasungidwa ku Dresden. Kwa iwo tsiku loopsa linali limene nthanda yayamba kuoneka kum'mawa, ndipo zithunzi za m'bukulo zimaonetsa milungu ikulasa ndi mikondo. Thambo linali lomwelo, masiku omwewo, koma anthu amenewa sanaonemo chibwenzi chilichonse.

Langizo lokhudza ukwati limachokera ku nthambi ina ya upendi wa nyenyezi, yosankha nthawi yabwino yoyambira chinthu. Dorotheus wa ku Sidoni, amene anakhala m'zaka 100 zoyambirira Yesu atabadwa, analemba malangizo osankhira nthawi ya ulendo, ya kumanga nyumba ndi ya ukwati. Ganizo lake ndi lakuti chinthu chilichonse chimabadwa, ndipo thambo la pa nthawi imene chabadwa ndi limene limachiumba. Ukwati umabadwa pamene awiri anena malonjezo. Poti Venusi ndiye mwini nkhani za ukwati, pa nthawiyo ayenera kukhala wamphamvu.

Mphamvuzo zimachita kuwerengedwa ngati mamalikisi a mayeso. William Lilly wa ku England, m'buku lake la mu 1647 lotchedwa Christian Astrology, anaika ndandanda imene ambiri amaigwiritsabe ntchito. Pulaneti ikakhala m'nyumba yakeyake imapeza mamalikisi 5, ikakhala m'nyumba yoyang'anizana ndi yake imataya 5. Ikamayenda molunjika imapeza 4, ikamabwerera imataya 5. Ikayandikira kwambiri dzuwa amati yapsa, ndipo imatayanso 5. Nyumba zimenezi ndi zigawo 12 zimene anagawa njira ya dzuwa, zomwe zija anthu amafunsana kuti unabadwira m'chiti. Nyumba za Venusi ndi Ng'ombe ndi Sikelo, ndipo amati amafooka akakhala mu Nkhosa kapena mu Chinkhanira.

Ukwati wa pa 24 Okutobala

Tiyerekeze kuti mnyamata ndi mtsikana asankha Loweruka la pa 24 Okutobala 2026. Ankhoswe agwirizana, ku tchalitchi alembetsa, makadi asindikizidwa. Tsiku limenelo ndi limene Venusi akudutsa pakati pa dziko ndi dzuwa, pakati penipeni pa kubwerera kwake. Tiyeni tipite nalo tsikuli kwa openda nyenyezi angapo.

Woyamba ndi wotsatira Lilly. Atsegula buku la malo a mapulaneti n'kupeza kuti Venusi ali pa digiri yoyamba ya Chinkhanira, nyumba imene amafookamo: achotsa 5. Akubwerera: achotsanso 5. Ali pafupi ndi dzuwa, wapsa: achotsanso 5. Pa mfundo zitatu zokhazi Venusi ali ndi ngongole ya mamalikisi 15. Malangizo ake ndi oti tsiku limenelo musayerekeze.

Wachiwiri amawerenga buku lomwelo koma amaloza mzere wina. Lilly yemweyo anati pulaneti ikafika pamtima penipeni pa dzuwa, osapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a digiri, siipsa koma imapeza mamalikisi 5, ngati munthu amene wakhala pambali pa mfumu. Kwa maola ochepa pa 24 Okutobala masamu amamuika Venusi pamenepo, ndipo openda nyenyezi ambiri a masiku ano amalemba za tsiku lotere ngati tsiku la chiyambi chatsopano cha chikondi. Koma kumwambako Venusi sadutsa pamtima pa dzuwa ayi, amadutsa madigiri pafupifupi 6 chakum'mwera kwake, ndipo olemba ena akale sakanalola kuti zimenezo zitchedwe kukhala pamtima.

Wachitatu ndi wa ku India, kumene kusankha tsiku la ukwati poyang'ana nyenyezi si masewera a pa foni koma mwambo wa mabanja mamiliyoni. Iye Venusi amamutcha Shukra, ndipo nyumba zake 12 zija amaziwerenga kuyambira pamalo ena, osiyana ndi a Azungu ndi madigiri pafupifupi 24. Mwa kuwerenga kwake, pa 24 Okutobala Venusi sali mu Chinkhanira, ali mu Sikelo, m'nyumba yakeyake. Kubwereranso kwa iye si kufooka: m'kawerengedwe kena ka mphamvu za mapulaneti ka ku India, pulaneti yobwerera imapatsidwa mamalikisi ochuluka. Komabe naye aletsa ukwati tsiku limenelo, pa chifukwa china. Lamulo lake ndi loti ukwati usachitike Shukra atazimirira m'kuwala kwa dzuwa, ndipo potidutsa chonchi kuzimirirako kumakhala kwa masiku ochepa, osati masabata 6. Kuzimirira kumene amakuopa kwambiri ndi kuja kumene Venusi amakhala kuseri kwa dzuwa, kumene kumatenga miyezi iwiri kapena kuposerapo. Mu Meyi ndi Juni 2024 masiku a ukwati anasowa m'makalendala ambiri a Ahindu pa chifukwa chimenechi, pamene Venusi ankayenda molunjika bwinobwino, ndipo olemba za kubwerera kwa Venusi analibe chochenjeza.

Wachinayi si wopenda nyenyezi, ndi munthu wongoyang'ana kumwamba ali ndi mapu a nyenyezi m'manja. Iyeyo akuuzani kuti pa masabata onsewo Venusi sali pakati pa nyenyezi za Chinkhanira kapena za Sikelo, ali m'gulu la nyenyezi lotchedwa Namwali. Nyumba za Azungu zija zinkagwirizana ndi magulu a nyenyezi zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, koma dziko limapendekeka pang'onopang'ono pozungulira, moti nyumbazo zakhala zikusiyana ndi nyenyezi zake ndi digiri imodzi pa zaka 72 zilizonse. Izi mukhoza kudzionera. Kumayambiriro kwa Sepitembala 2026 Venusi amadutsa pafupi ndi nyenyezi yowala yotchedwa Spica kumadzulo dzuwa litalowa, n'kuipitirira. Chapakati pa Novembala, mukadzuka kusanache, mumamupeza kum'mawa ali pafupi ndi Spica yemweyo. Wabwereradi, m'maso mwathu.

Tsiku limodzi, Venusi mmodzi, koma wina akuti wafooka, wina akuti wavekedwa ufumu, wina akuti ali kwawo. Kusagwirizana kotereku sikutsimikiza kuti onse akulakwa. Kumangotiuza kuti mkanganowo sungathe pomvera amene walankhula mokweza. Pafunika kuwerenga maukwati enieni.

Ziwerengero zimati chiyani

Masiku 42 pa masiku 584 ndi pafupifupi tsiku limodzi pa masiku 14 alionse. Ndiye kuti pa maukwati 100 a anthu amene sanamvepo za Venusi, pafupifupi 7 anamangidwa iye akubwerera. Chimodzimodzi zibwenzi 7 pa 100 zinayamba m'nyengo yotere. Ena mwa maukwati 7 aja anatha, chifukwa maukwati amatha m'nyengo iliyonse. Wolemba za nyenyezi sangavutike kupeza banja lodziwika limene linakwatirana Venusi akubwerera n'kudzasiyana, ndipo akalitchula, owerenga amagwedeza mutu. Koma funso lenileni si loti kodi alipo amene anatha. Funso ndi loti mwa 7 aja, kodi amatha ambiri kuposa mwa 93 enawo? Amene amapereka langizoli amabwera ndi nkhani za mabanja, sabwera ndi chiwerengero chimenechi.

Kumene anthu anawerengadi, zotsatira sizinakomere openda nyenyezi. Mu 2007 David Voas, wa pa yunivesite ya Manchester, anatenga mabanja oposa 10 miliyoni a m'kalembera wa 2001 wa ku England ndi Wales kuti aone ngati anthu a nyumba zimene amati zimayenderana amakwatirana kwambiri. Sanapeze kanthu. Panali kachizindikiro kakang'ono koonetsa ngati anthu a nyumba imodzi amakwatirana mochulukirapo, koma atakalondola anapeza kuti kankachokera ku zolakwika polemba mafomu, monga munthu kulemba tsiku lake lobadwa pa malo a mkazi kapena mwamuna wake. Mu 2020 Jonas Helgertz ndi Kirk Scott anachita zofanana ndi kaundula wa ku Sweden, n'kuyang'ananso za kutha kwa mabanja. Amene nyenyezi zimati ndi oyenerana sanapezeke kuti amakhalitsa m'banja kuposa anzawo. Kafukufuku yenseyu anayesa nyumba zobadwira, osati kubwerera kwa Venusi, koma ndi chiphunzitso chimodzi chomwecho, ndipo pamene chinayesedwa pa mabanja mamiliyoni sichinaoneke.

Wina anganene kuti kaundula sangathe kuona zinthu zobisika chonchi. Amatha. Jan Kabátek ndi David Ribar anafufuza maukwati oposa miliyoni imodzi a ku Netherlands a pakati pa 1999 ndi 2013, ndipo anapeza kuti tsiku la ukwati limayenderadi limodzi ndi kutha kwa banja. Pofika zaka 5, mabanja 11 pa 100 amene anakwatirana pa 14 Febuluwale anali atatha, 10 pa 100 mwa amene anasankha masiku a manambala ofanana monga 9 Sepitembala 1999, koma 8 pa 100 okha mwa okwatirana masiku wamba. Ofufuzawo sananene kuti masikuwo ali ndi tsoka. Anaona kuti anthu osankha masiku otere amasiyanako ndi anzawo, mwachitsanzo ambiri anali atakwatirapo kale kapena anali ndi ana kale, ndipo anaganiza kuti mwina tsiku lokopa limakankhira ena ku ukwati asanakonzeke. Kwa ine phunziro la kafukufukuyu ndi lakuthwa. Kusiyana kwa mabanja awiri kapena atatu pa 100 kunaoneka poyera. Zikanakhala kuti Venusi amaphwanya mabanja monga amanenera, sizikanafuna mlosi kuti azione. Ndipo pamene tsiku linaoneka kuti lili ndi mphamvu, mphamvuyo inali mwa anthu osankha tsikulo.

Nanga wachikondi wakale uja amene amatulukira? Ambiri amalumbira kuti zinawachitikira. Masabata 6 ndi nthawi yaitali, ndipo munthu amene wakhalapo ndi zibwenzi ziwiri kapena zitatu sangadabwe kulandira uthenga, kukumana ndi wina ku maliro, kapena kumulota. Zikachitika mu Julayi wamba, palibe amene amalemba pa kalendala. Zikachitika atachenjezedwa, amati si izi ananena zija. Onjezani kuti wakaleyo naye mwina wawerenga zomwezo pa foni yake, ndipo walimba mtima kuti ino ndiye nyengo yake yoperekera moni.

Langizoli lilinso ndi zitseko zambiri zothawira. Ukwati wa m'nyengoyi ukatha, Venusi. Ukalimba, amati mwina mmodzi wa awiriwo anabadwa Venusi akubwerera ndiye sizimukhudza, kapena poti anali okondana akale amene anabwererana, kapena mavuto akubwera m'tsogolo. Ukatha ukwati wa mu Disembala, pali chimene amachitcha mthunzi: pafupifupi mwezi umodzi kubwerera kusanayambe ndi mwezi wina kutatha, pamene Venusi akuyenda m'madigiri omwe aja. Mu 2026 mthunziwo ukuyambira kumapeto kwa Ogasiti kufika pakati pa Disembala. Masabata 6 aja asanduka miyezi itatu ndi theka. Mukaonjeza Mekyule, amene amabwerera katatu pa chaka kwa masabata atatu ndipo amati salola kusainirana mapangano, mupeza kuti ulosi umene wafalikira chonchi sungaphonye.

Sindikunena kuti zonse za m'langizoli n'zachabe. Kuuza munthu amene mtima wathamanga kuti adikire masabata 6 asanalonjeze zazikulu ndi nzeru, ndipo azakhali ndi ankhoswe akhala akunena zomwezo popanda kuyang'ana kumwamba. Kukhala pansi n'kuganizira chimene chinathetsa chibwenzi chakale kumathandizanso. Vuto limabwera kalendala ikayamba kulamula m'malo mwa maso. Pofuna kuthawa 3 Okutobala, awiri amene anafunika miyezi ina yodziwana akhoza kuthamangitsira ukwati mu Ogasiti. Ena akankhira mu Disembala, mvula itayamba, ndalama zikulimbirana ndi feteleza ndi fizi ya Januwale, ya holo ija itapita. Choipa kwambiri ndi mbewu ya chikayiko. Mkazi amene anauzidwa kuti anakwatiwa pa nthawi yolakwika amaona mkangano woyamba wa m'nyumba ngati kukwaniritsidwa kwa ulosi. Ndipo mwamuna womenya kapena wobisa ngongole amakhala wapeza pobisalira, chifukwa mlandu wapita kwa pulaneti.

Pali njira yoyesera nkhaniyi kwathu konkuno, ndipo Venusi mwini wake amaifewetsa. Maulendo 5 a masiku 584 amakwana zaka 8, kuperewera masiku awiri okha, choncho kubwerera kulikonse kumabweranso pa nyengo yomweyo pakatha zaka 8. Kwa mu Okutobala 2026 kuli ndi akulu ake: mu 2018 kunayamba pa 5 Okutobala kufika pa 16 Novembala, mu 2010 pa 8 Okutobala kufika pa 18 Novembala, mu 2002 pa 10 Okutobala kufika pa 21 Novembala, ndipo mu 1994 pa 13 Okutobala kufika pa 23 Novembala. Mpingo uliwonse wakale uli ndi buku la maukwati, ndipo akuluampingo amawadziwa mabanja awo. Tengani maukwati onse a pakati pa 15 Okutobala ndi 15 Novembala m'zaka zinayi zimenezo. Kenako tengani a masabata omwewo m'zaka zoyandikana nazo, monga 2001, 2003, 2009, 2011, 2017 ndi 2019, pamene Venusi ankayenda molunjika m'miyezi imeneyo. Kutenga masabata ofanana n'kofunika, kuti kusiyana kwa nyengo ya mvula ndi ya chilimwe kusasokoneze. Amene akunena ngati banja lilipo kapena linatha asauzidwe gulu limene banjalo lili, ndipo banja limene linatha ndi imfa liikidwe padera. Maukwati 20 kapena 30 sangakuuzeni kanthu, chifukwa pa chiwerengero chochepa chotere gulu lina limapambana mwangozi chabe. Pamafunika mabuku a mipingo yambiri, maukwati mazanamazana mbali iliyonse, ndipo musanayambe kuwerenga mugwirizane kuti kusiyana kwake kukhale kwakukulu bwanji kuti muvomereze kuti Venusi ali ndi mlandu.